Kope, alamu ya foni kapena tebulo: njira yosungira hisabu ya ngongole mpaka ithe

Mchemwali wanga ndi mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo mwezi wa Meyi utayamba anali ndi ngongole zitatu zomwe palibe amene ankamudula pa malipiro. Ku banki m'khonde anali atatenga K200,000, pa golosale ya m'dera lawo dzina lake linali m'kabuku ndi K60,000 ya shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ndipo achimwene athu aakulu anali atamuthandiza ndi K150,000 ya fizi ya mwana. Zonse pamodzi inali K410,000. Ngongole ya ku SACCO sindikuiwerengera, chifukwa imeneyo imadulidwa ndalama isanafike m'manja ndipo siifunika chikumbutso. Zovuta ndi izi zofuna kuti munthu adzuke yekha, atape ndalama ndi kukapereka. Titakhala pansi tinapeza kuti akachotsa lendi, ufa, ndiwo ndi thiransipoti, angathe kupatula K130,000 mwezi uliwonse.

Chomwe ankafuna chinali chinthu chochita ntchito zitatu: kusunga chiwerengero cha ndalama yotsala, kumukumbutsa malipiro akatuluka, ndi kumuuza mwachidule pomwe wafika akangolipira. Tinayesa njira zingapo. Palibe ngakhale imodzi yomwe inachita zitatuzi bwino payokha, koma iliyonse imalephera pamalo pake, ndipo posankha ndi bwino kudziwa malowo.

Kope ndi cholembera

Iye anayamba ndi kope la ana asukulu, tsamba limodzi ngongole imodzi. Ubwino wa kope palibe amene sakuudziwa: silifuna bandulo, magetsi akazima limagwirabe ntchito, ndipo msungichuma wa gulu kapena mwini golosale angathe kusayina pambali pa ndalama yomwe walandira. Siginechayo ndi yamtengo wapatali kuposa momwe imaonekera, chifukwa mikangano yambiri ya ngongole si ya kukana kulipira koma ya "munandipatsa zingati tsiku lija?"

Pa ngongole ya golosale ndi ya achimwene, kope linayenda bwinobwino, pakuti kumeneko ndi kuchotsera basi. Linamupusitsa ku banki m'khonde. Gulu lawo limaika chiwongoladzanja cha K10 pa K100 iliyonse mwezi ndi mwezi, powerengera ndalama yomwe yatsala. Iye atapereka K80,000 yoyamba analemba kuti yatsala K120,000. M'buku la gulu munali zina: K200,000 inali itabereka K20,000, kukhala K220,000, ndipo kuchotsa K80,000 inatsala K140,000. Mwezi wachiwiri kope likanati yatsala K40,000, pomwe zoona zake K140,000 ija inabereka K14,000, ndipo atalipira K80,000 inatsala K74,000. Akanapitiriza choncho, mwezi wachitatu akananyamula K40,000 akuganiza kuti akukatseka ngongole, n'kukamva pamaso pa amayi onse kuti afunika K81,400. Kusiyana kwa K41,400 kumeneko ndiye chiwongoladzanja chonse cha miyezi itatu, chomwe kope silinkachiona chifukwa mwini wake sankachilemba.

Vuto si pepala ayi. Kope limabweza zomwe mwaikamo, ndipo dzanja la munthu wangongole limathamangira kuchotsa, osati kuwonjezera. Ngati mukugwiritsa ntchito kope, mzere uliwonse ukhale ndi malo anayi: yomwe inalipo, chiwongoladzanja cha mweziwo, yomwe mwalipira, ndi yomwe yatsala. Mufunsenso msungichuma funso limodzi musanalembe chilichonse: kodi chiwongoladzanja amawerengera pa yotsala kapena pa yomwe munatenga poyamba? Magulu amasiyana. Gulu la mchemwali likanakhala lowerengera pa K200,000 yoyamba mpaka ngongole ithe, bwenzi akulipira K20,000 mwezi uliwonse, K60,000 pa miyezi itatu m'malo mwa K41,400.

Za kukumbutsa, kope siliyankhula. Limakhala mu dilowa tsiku lomwe ndalama ili m'thumba.

Alamu ndi kalendala ya pafoni

Apa m'pamene ambiri amathamangira, ndipo sakulakwa, chifukwa ngakhale kafoni ka mabatani kali ndi kalendala yolira. Koma pali chinthu chimodzi chomwe chimaononga njirayi kwa anthu olandira malipiro a pamwezi: alamu imadziwa deti, siidziwa ngati ndalama yalowa. Mchemwali anatchera yake pa 27. Mwezi wina malipiro analowa pa 27 pomwepo, mwezi wina analowa mwezi utatha kale. Alamu ikalira akaunti ili mbee, munthu amangoizimitsa mokwiya, ndipo siiliranso mpaka mwezi wamawa. Ndalama ikamalowa patapita masiku anayi, palibe chomukumbutsa, kupatula anthu ena onse amene amvanso kuti aphunzitsi alandira.

Tinaikonza motere. M'malo mwa alamu imodzi, anatchera chikumbutso cholira tsiku ndi tsiku kuyambira pa 25, ndipo amachizimitsa yekha pokhapokha akamaliza kulipira onse atatu. Pa foni ya Android, mu Google Calendar, ndi bwino kuchilemba ngati Task osati Event, chifukwa Task imakhalabe yosamalizidwa mpaka mutaichonga, pomwe Event tsiku lake likadutsa yadutsa. Wolandira pa tsiku lomaliza la mwezi asamale ndi deti la 31: mukauza kalendalayo kuti izibwereza pa 31 mwezi uliwonse, miyezi yopanda 31 imangoidumpha, ndiye kuti mu Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala foni idzakhala chete. Tcherani pa 28.

Nthawi yolira nayo ndi nkhani. Alamu ya 9 koloko m'mawa imamupeza mphunzitsi ali ndi choko m'manja, ndipo pofika poweruka waiwala. Yake tinaisunthira 3 koloko masana, nthawi yomwe amadutsa pa ejenti popita kunyumba. Mawu a chikumbutso asakhale oti "ngongole" okha, chifukwa mawu amenewo amangolemetsa mtima osauza munthu chochita. Ake amati: "Gulu K80,000, golosale K30,000, achimwene K20,000." Kuwerengera kunachitika kale mutu uli pamalo, kuti tsiku la malipiro pasakhale kukambirana ndi mtima. Chenjezo laling'ono kwa ogwira ntchito pagulu: mawu amenewa amaonekera pa sikirini foni ili yokiya patebulo la mu sitafu. Iye anafupikitsa kukhala "G80, S30, A20", ndipo mnzake wina anaganiza kuti ndi malikisi a ana.

Mafoni ena otchipa, batire ikachepa kapena mukayatsa njira yosungira moto, amatseka mapulogalamu omwe sakugwiritsidwa ntchito ndipo chikumbutso chimachedwa kapena osabwera n'komwe. Chiyeseni kaye: tcherani cha mphindi khumi zikubwerazi, kiyani foni, muone ngati chilire. Chikapanda kulira, gwiritsani ntchito alamu ya wotchi ya foniyo, yomwe kawirikawiri siivuta.

Alamu ndiye katswiri pa kukumbutsa, koma sidziwa kuwerengera ndipo ilibe choti ikuuzeni mukalipira.

Tebulo la Google Sheets kapena Excel

Njira iyi ndi yomwe ndimaikonda, ndipo ndivomereze kuti ndimaikonda chifukwa ndimakhala pakompyuta tsiku lonse. Mchemwali poyamba anaikana, ati timabokosi take n'tating'ono pa foni. Koma ndi njira yokhayo mwa zonsezi yomwe siiwala chiwongoladzanja, ndiponso yomwe imalemba yokha kauthenga ka pomwe mwafika.

Ngongole iliyonse ikhale ndi tsamba lake, ndipo mizere yotsika isanu ndi yokwanira. Mu A mulembe deti, mu B ndalama yomwe inalipo mwezi ukuyamba, mu C chiwongoladzanja cha pamwezi (`10%` ku gulu, `0` ku golosale), mu D yomwe mwalipira. Mu E ndi momwe tebulo limawerengera yotsala, ndipo B wa mzere wotsatira amatenga yankho limenelo:

```
E2:  =B2+B2*C2-D2
B3:  =E2
```

Zomwe zili kumanzere kwa chizindikiro cha = ndi dzina la bokosi chabe, musazilembe. Mukaika 200000, 10% ndi 80000, E2 ikupatsani 140000, chimodzimodzi ndi buku la msungichuma. Kauthenga kaja kalowe mu F2:

```
="Mwabweza K"&TEXT(D2,"#,##0")&". Yatsala K"&TEXT(E2,"#,##0")&"."
```

Mukangolemba ndalama mu D2, bokosilo limati: Mwabweza K80,000. Yatsala K140,000. Mukakokera pansi mabokosi a C2, E2, F2 ndi B3, mwezi uliwonse umakhala ndi uthenga wake.

Pali fomula inanso yomwe imanena miyezi yomwe yatsala mukapitiriza kulipira ndalama yomweyo:

```
=ROUNDUP(NPER(C2,-D2,E2),0)
```

Fomula imeneyi inatiphunzitsa zinthu ziwiri. Mchemwali atalipira koyamba, inati kwatsala miyezi 3, pomwe ife tinkayembekezera 2. Tinaganiza kuti yalakwitsa, koma titatsika mizere tinaona kuti mwezi wachitatu ngongole imafika K81,400, ndipo akapereka K80,000 pamatsala K1,400 yomwe imamukokera ku msonkhano wachinayi. Kudziwiratu zimenezi kunamuthandiza kunyamula K81,400 yonse ndi kutseka tsiku lomwelo. Chachiwiri n'chowawa. Mukalemba kuti pa K200,000 mukulipira K20,000 pamwezi, fomulayi imaonetsa `#NUM!`. Foni sinaonongeke. Ikutanthauza kuti palibe chiwerengero cha miyezi chomwe ngongoleyo ingathere, chifukwa zomwe mukulipira zikungokwanira chiwongoladzanja. Ambiri m'magulu amachita zimenezi, kupereka "intelesiti yokha" mwezi ndi mwezi n'kumadzimva kuti akubweza, mpaka nthawi yogawana itakwana thunthu lili pomwepo. Kwa wakatapila, komwe chiwongoladzanja chimakwera kwambiri kuposa cha gulu, chizindikirochi chimatuluka msanga.

Zofooka za tebulo ndi zitatu. Silikukumbutsani, pokhapokha mutadziwa kulemba timapulogalamu, zomwe sindingalimbikitse munthu wofuna kungobweza K410,000. Limafuna foni yamakono, ndipo ngati simunaliike kuti lizitsekuka popanda intaneti, tsiku lomwe bandulo yatha ndi lomwe mumalifuna. Komanso chala chimodzi cholakwika chingafufute fomula n'kusiya nambala wamba yomwe siisinthanso. Chizindikiro chake n'chakuti mwalemba ndalama mu D koma E sanasunthe. Mukatero koperani fomula ya mzere wa pamwamba.

Mapulogalamu opangidwira ngongole

Pa Play Store alipo ambirimbiri, ndipo pa pepala ndi amene amachita zonse zitatu: kuwerengera, kukumbutsa, ndi kukuonetsani kamzere kodzaza pang'onopang'ono mukalipira. Koma ambiri anapangidwira anthu a m'mayiko omwe ngongole zawo ndi za makhadi a banki, ndipo bokosi la chiwongoladzanja limafuna cha pachaka, cholembedwa APR. Mukalembamo 10 poganiza za gulu lanu, pulogalamuyo imagawa pa miyezi 12 n'kukuuzani kuti K200,000 yabereka pafupifupi K1,667 mwezi woyamba, pomwe msungichuma akudikira K20,000. Muyenera kulemba 120. Mapulogalamu ena amawerengeranso chiwongoladzanja tsiku ndi tsiku, choncho ngakhale mutalemba 120 yankho limasiyanabe pang'ono ndi la gulu lomwe limawerengera pa msonkhano. Njira yodziwira ndi yosavuta: mwezi woyamba werengerani pamanja, muyerekeze. Zikasiyana, khulupirirani buku la amene anakukongozani, chifukwa ndi limene mudzaweruzidwe nalo.

Vuto la deti lija lilinso momwemu. Ndipo pulogalamu yosunga hisabu ikapempha chilolezo choona manambala a anzanu a m'foni kapena mauthenga anu, ikaneni n'kuichotsa. Kuchotsera K80,000 pa K220,000 sikufuna kudziwa nambala ya apongozi anu.

Kusiyira banki

Banki ingathe kumatumiza yokha ndalama yoikika pa deti loikika, zomwe amati sitanding'i oda. Pa ngongole ya achimwene, omwe ali ndi akaunti, zinkaoneka zabwino, chifukwa chikumbutso sichifunikanso ndipo uthenga wa banki ndiwo umboni. Koma malipiro akachedwa lamulolo limapeza akaunti yopanda kanthu n'kulephera, ndipo muyenera kufunsiratu ngati banki yanu imayesanso mawa lake komanso ngati imadula kenakake zikatero. Ndalama yake sisinthanso yokha, pomwe dongosolo la mchemwali linkasintha mwezi ndi mwezi. Gulu ndi golosale zinalibe akaunti yolandirira. Tinaisiya. Imayenera munthu wolandira pa deti losasuntha, wangongole imodzi yaitali.

Kauthenga ka pambuyo polipira

Poyamba ndinkayesa kuti kauthenga aka n'kongosangalatsa mtima, koma ndi komwe kanagwira ntchito yaikulu. Chifukwa chake chili mu manambala. Mwezi wa Meyi mchemwali anatulutsa K130,000, koma ngongole zonse zinatsika kuchoka pa K410,000 kufika pa K300,000, kutanthauza K110,000 yokha, chifukwa K20,000 inapita ku chiwongoladzanja. Munthu akapereka ndalama yochuluka chotero n'kubwerera kunyumba chimanjamanja, chomwe amaona ndi thumba lopepuka basi. Kauthenga kamamuonetsa mbali inayo. Mu Juni kanati golosale yatha, zonse zatsala K184,000. Mu Julayi K30,000 yomwe inkapita ku golosale inamasuka, anapereka K81,400 ku gulu ndi K48,600 kwa achimwene, ndipo kanati yatsala K61,400, ngongole imodzi yokha. Mu Ogasiti inatha.

Uthenga wabwino uli ndi zinthu zitatu zokha: yomwe mwalipira, yomwe yatsala, ndi yomwe mudzalipire ulendo wotsatira. Wonena za maperesenti, monga "mwabweza 40 peresenti", umasocheretsa pa ngongole yobereka, chifukwa K80,000 ndi 40 peresenti ya K200,000 koma ngongoleyo yatsika ndi 30 peresenti yokha. Nenani makwacha.

Funso lenileni ndi loti uthengawo upite kwa ndani. Mungadzitumizire nokha pa WhatsApp, pakuti imalola munthu kulembera nambala yake yomwe, ndipo macheza amenewo amasanduka kope lokhala ndi madeti. Koma uthenga wopita kwa wokukongozani umachita ntchito ziwiri nthawi imodzi. Kwa achimwene ankalemba kuti: "Achimwene, ndatumiza K20,000 pa Mpamba. Mwa kuwerengera kwanga yatsala K130,000. Ina kumapeto kwa Juni. Zikomo kwambiri." Iwo akayankha kuti "Ndalandira, zili choncho," ndiye kuti mabuku awiri agwirizana. Mawu oti "mwa kuwerengera kwanga" ndi ofunika, chifukwa amapatsa winayo mpata wokonza popanda kuoneka ngati akukutsutsani.

Ndi mawu omwewo amene anaulula kampata kena. Mwezi wina sanathe kupita ku msonkhano wa gulu, ndipo anatumiza K80,000 pa Airtel Money kwa msungichuma. Mayiwo anayankha mwaulemu kuti m'buku alemba yocheperapo, chifukwa potapa kwa ejenti inadulidwa ndipo iye sanaikepo yotapira. Inali ndalama yochepa, koma ikanakhala m'buku mwakachetechete n'kumabereka nayo. Anawonjezera tsiku lomwelo. Potumiza pafoni mugwirizane kaye za yotapira, ndipo mu hisabu yanu mulembe yomwe yalowa m'buku la winayo, osati yomwe yachoka m'foni mwanu. Uthenga wa kampani wotsimikiza kutumiza, wokhala ndi nambala ya ntchitoyo, musaufufute mpaka ngongole itatha.

Zoti musankhe

Ngati ngongole zanu zonse zilibe chiwongoladzanja, za pa golosale, za abale, za lendi yotsalira, kope ndi alamu yolira tsiku ndi tsiku n'zokwanira, ndipo tebulo lingangokutayitsani nthawi. Ngati pali ngakhale imodzi yobereka ndipo muli ndi foni yamakono, tebulo lisunge manambala, alamu ikumbutse, ndipo uthenga wa mu F muziukopera pa WhatsApp kupita kwa wokukongozani. Wa kafoni ka mabatani achite zomwezo ndi kope la malo anayi, kakyuleta ya m'foni ndi uthenga wamba. Pulogalamu ya pa Play Store ndingaivomereze pokhapokha itagwirizana ndi buku la msungichuma miyezi iwiri yotsatizana.

Mchemwali anathera pa zosakaniza zomwe ine sindikanaziganiza. Tebulo analisiyira ine, ati ndiziwerengera ndi kumutumizira ndalama ya mwezi wotsatira pa 24. Iye amasintha manambala mu chikumbutso chake, ndipo ku msonkhano wa gulu amapitabe ndi kope lake lija kuti msungichuma asayine.